Simple past kapena present perfect: njira iti imakufikitsani pa yankho lolondola?

Tengani ziganizo ziwiri izi. Zonse zikunena za likulu la dziko la Malawi, ndipo mneni woti alowe pampata ndi *be*.

*Zomba ____ the capital until 1975.*

*Lilongwe ____ the capital since 1975.*

Chaka ndi chimodzi, mneni ndi mmodzi, koma mayankho ndi osiyana. Choyamba chikufuna *was*, chachiwiri chikufuna *has been*. Ulikulu wa Zomba unathera mu 1975, pomwe wa Lilongwe unayambira pamenepo ndipo udakalipo mpaka lero. Amene waona kusiyana kumeneku wagwira kale mutu wa nkhani: *simple past* imanena za nthawi yomwe inatha, pomwe *present perfect* imanena za nthawi yomwe inayamba m'mbuyo koma yafika mpaka pano.

Vuto limakhala m'chipinda cha mayeso, pomwe mipata ndi yambiri ndipo wotchi ikuthamanga. Kuyambira ku Sitandade 8 mpaka ku Fomu 4, ophunzira amadalira njira zingapo posankha. Ena amaloweza ndandanda ya mawu onena za nthawi. Ena amamasulira chiganizo m'Chichewa chamumtima. Ena amangomvera khutu. Ena amafunsa ngati nthawi yotchulidwayo inatha. Njira zimenezi sizilingana mphamvu, ndipo iliyonse ili ndi malo ake pomwe imagwetsa munthu.

Kuloweza ndandanda ya mawu

Iyi ndiyo njira yomwe imapezeka m'makope a ophunzira ambiri. Tsamba amaligawa pawiri. Kumanzere amalemba *yesterday*, *ago*, *last week*, *in 2010* ndi *when*, n'kunena kuti awa ndi a *simple past*. Kumanja amalemba *since*, *for*, *already*, *yet*, *just*, *ever*, *never* ndi *so far*, n'kunena kuti awa ndi a *present perfect*. Ukaona liwu, uyang'ane mbali yake, ulembe yankho.

Mbali yakumanzere ndi yodalirika kwambiri, ndipo sindinganyoze mwana amene wailoweza. Chingerezi sichilola *have* kapena *has* kuyendera limodzi ndi nthawi yodziwika yomwe inapita. Choncho *Cyclone Freddy ____ southern Malawi in March 2023* ndi *hit* basi, ndipo *The kwacha ____ the pound in 1971* ndi *replaced*. Liwu la *ago* silikunamizani pakati pa matensi awiriwa. Funso lomwe layamba ndi *When* kapena *What time* nalonso limafuna *did*, chifukwa wofunsayo akufuna kuti mumuuze nthawi yeniyeni yomwe chinthucho chinachitika. N'chifukwa chake timati *When did you arrive?* osati *When have you arrived?*

Mbali yakumanja ndi imene imavuta, ndipo liwu lovutitsitsa ndi *for*. Ana ambiri amauzidwa kuti *since* ndi *for* ndi mapasa, onse amafuna *have*. Zoona zake n'zakuti *for* amangonena kutalika kwa nthawi, sanena ngati nthawiyo inatha kapena ayi. Onani ziganizo ziwiri izi:

*Kamuzu Banda ____ Malawi for thirty years.*

*Malawi ____ independent for more than sixty years.*

Wodalira ndandanda alemba *has ruled* pa choyamba, ndipo walakwa. Kamuzu anatsogolera dziko kuchokera mu 1964 mpaka 1994, ndipo anamwalira mu 1997. Zaka makumi atatuzo zinatha kalekale, choncho yankho ndi *ruled*. Pa chachiwiri, ufulu womwe unayamba mu 1964 udakalipo, choncho ndi *has been*. Liwu la *for* lili ponseponse, ndipo silinathandize mpang'ono pomwe.

Ndandanda imagwetsanso munthu liwu la mbali ina likakhala mkati mwa mawu a mbali inzake. Diso lothamanga likaona *yesterday* kapena *last week* limalamula dzanja kulemba *simple past*. Koma mu *I ____ him since last week*, mawu oti *last week* akungosonyeza poyambira, ndipo mwini mphamvu ndi *since*: yankho ndi *have not seen*. Chimodzimodzi *last year* ndi *in the last year* si chinthu chimodzi. Loyambalo ndi chaka chatha, chomwe chinatha pa 31 Disembala. Lachiwirilo ndi miyezi khumi ndi iwiri yowerengera chobwerera kuchokera lero, ndiye lafika mpaka pano. Kaliwu kakang'ono ka *the* ndi kamene kasintha zinthu. Timati *Prices rose last year*, koma *Prices have risen in the last year*.

Ndiye pali *just* ndi *just now*, omwe amafanana m'maso koma amayenda njira zosiyana. *She has just left* ndi zolondola, koma *just now* kawirikawiri amatengedwa ngati kamphindi kodziwika komwe kapita, choncho timati *She left just now*. Kunena za *just*, *already* ndi *yet*, muziyembekezera kumva Chingerezi cha ku America chikuwaphatikiza ndi *simple past*, monga *Did you eat yet?* m'mafilimu. Kumeneko si kulakwa. Koma kusukulu kwathu kuno timatsata Chingerezi cha ku Britain, ndipo pa pepala la mayeso yankho lotetezeka ndi *Have you eaten yet?*

Kumasulira m'Chichewa

Aphunzitsi ena amaletsa njirayi mwamphamvu. Ine sindiiletsa yonse, chifukwa Chichewa chili ndi kusiyana kofanana ndi kumeneku, ndipo mwana amakudziwa asanalowe n'komwe Sitandade 1. Tikati "ndakhala ku Zomba zaka zisanu", womvera amadziwa kuti ndidakali komweko. Tikati "ndinakhala ku Zomba zaka zisanu", amadziwa kuti ndinachokako. Uku ndiye kusiyana kwenikweni kwa *I have lived in Zomba for five years* ndi *I lived in Zomba for five years*. Pa vuto la *for* lija, lomwe ndandanda inalephera, Chichewa chimapereka yankho msanga. Palibe amene anganene kuti "Kamuzu walamulira Malawi zaka makumi atatu" ngati kuti akadali pampando. Pakamwa pamabwera "analamulira".

Chimathandizanso pa ziganizo zopanda mawu a nthawi, zomwe zimangosonyeza zotsatira. *I can't open the door. I ____ the key.* M'Chichewa timati "ndataya kiyi", osati "ndinataya kiyi", chifukwa vutolo lili pano. Yankho ndi *have lost*.

Koma njirayi ili ndi maenje awiri akuya. Loyamba ndi la zochitika lero. M'Chichewa, chinthu chomwe chachitika lero timachinena ndi "nda-", "wa-" kapena "a-" ngakhale titatchula ola lake. "Basi yafika 8 koloko" ndi Chichewa chabwinobwino. "Ndadzuka m'mamawa kwambiri, tambala asanalire" n'chimodzimodzi. Mwana akamasulira molunjika amalemba *The bus has arrived at eight o'clock*, zomwe Chingerezi chimakana. Ola lotchulidwa ndi nthawi yodziwika yomwe yapita, ngakhale yapita maola awiri okha. Yankho ndi *arrived*. Kumeneku n'kumene kumachokera kulakwa kwambiri kwa ophunzira olankhula Chichewa, ndipo sikuti ndi ulesi: akutsata lamulo lolondola la chiyankhulo china.

Dzenje lachiwiri lili mbali inayo. Tikamafunsa ngati munthu anachitapo chinthu pa moyo wake, timagwiritsa ntchito "na-" pamodzi ndi "-po" kapena "-ko": "Munakwerapo ndege?" "Munafikako ku Likoma?" Womasulira amaona "muna-" n'kuthamangira *did*. Chingerezi chimafuna *Have you ever flown?* ndi *Have you ever been to Likoma?* chifukwa nthawi yomwe ikunenedwa ndi moyo wa munthuyo, ndipo moyowo sunathe. Pokana napo pamasokoneza, chifukwa "sindinadye" pa pepala angakhale *I did not eat* kapena *I have not eaten yet*. Timasiyanitsa pomva nkhani yonse: "sindinadye dzulo" ndi zina, "sindinadyebe" ndi zinanso.

Choncho Chichewa ndi mboni yabwino pa nkhani ya *for* ndi ya zotsatira, koma pa nkhani ya maola a lero ndi ya *ever* musachifunse.

Kumvera khutu

Apa sindichedwapo. Khutu limabweza zomwe lamva. Amene wawerenga mabuku ambiri a Chingerezi khutu lake limamuthandiza ndithu. Koma m'misewu, m'maofesi ngakhale pa foni timamva kawirikawiri *I have seen him yesterday*, mpaka zimayamba kumveka ngati zolondola. Khutu ligwiritseni ntchito pomaliza, powerenganso zomwe mwalemba, osati posankha.

Kufunsa ngati nthawiyo inatha

Njira imeneyi imachedwa kulowa m'mutu kusiyana ndi ndandanda, koma ndi yokhayo yomwe imagwira ntchito ngakhale liwu la nthawi likhale lachilendo. Mawu a nthawi mumawafunabe ndipo mumawadula mzere kunsi. Kusiyana kwake n'kwakuti simufunsa kuti liwuli lili mbali iti ya tsamba la m'kope. Mumafunsa kuti: nthawi yomwe mawuwa akunena, inatha kapena wolankhulayu akadali mkati mwake? Ngati inatha, *simple past*. Ngati akadali mkati mwake, *present perfect*.

Funso limeneli limafotokoza chifukwa chake ndandanda imalondola pomwe imalondola. *Yesterday* inatha. *In 1971* inatha. *Two days ago* ndi tsiku lomwe linatha. *Since 1975* ndi nthawi yoyambira chaka chimenecho kufika lero. *So far* ndi *up to now* zikunena poyera kuti zafika pano. *Yet* akutanthauza kuti mpaka pano tikudikirabe. Simufunikanso kuloweza kuti *until 1975* ali mbali iti, ngakhale liwulo silinalembedwe m'kope lanu, chifukwa mukudzionera nokha kuti nthawi yake ili ndi malire omwe anadutsa.

Pomwe njirayi imaonetsa mphamvu zake zenizeni ndi pa mawu omwe alibe mbali, monga *today*, *this morning*, *this week* ndi *this year*. Tengani *this morning*. Munthu akamalankhula 10 koloko m'mawa, m'mawawo sunathe, ndiye anganene kuti *I have written three letters this morning*, ndipo mwina alembanso ina. Akamalankhula 4 koloko madzulo, m'mawa unatha, ndiye anena kuti *I wrote three letters this morning*. Wolemba funso wosamala amakusiyirani chizindikiro choti mudziwe kuti ndi nthawi yanji. Akalemba *It is only ten o'clock and I ____ three letters this morning*, wakuuzani kuti m'mawa ukadalipo. Akalemba *I ____ three letters this morning, and I rested after lunch*, wakuuzani kuti unatha. Chizindikirocho nthawi zambiri sichikhala pafupi ndi mpata, n'chifukwa chake kuwerenga chiganizo mpaka pa mpumiro n'kofunika kuposa kuthamangira liwu loyamba lomwe mwalizindikira.

Pamenepa pali chenjezo limodzi. Ngakhale sabata isanathe, mukatchula tsiku kapena ola lenileni mkati mwake, mwabwerera ku nthawi yotha. *I have seen her twice this week* ndi zolondola, koma *I saw her on Monday* n'zomwe zimatsatira, ngakhale Lolembalo ndi la sabata yomweyi. Nthawi yaing'ono yotchulidwa imapambana yaikulu yomwe yaizungulira.

Nthawi zina yomwe inatha si tsiku kapena chaka, koma moyo wa munthu kapena gawo la moyo wake. *Never* ali m'ndandanda yakumanja, komabe timati *My great-grandmother never went to school* ngati agogowo anamwalira, chifukwa nthawi yomwe akanapita kusukulu inatha. Timati *My brother has never seen the lake* chifukwa mchimweneyo ali moyo ndipo mwina adzaiona. Mawu ngati *when I was a child*, *at primary school* kapena *during the war* amagwira ntchito yomweyo: palibe chaka chomwe chatchulidwa, koma akunena za nyengo yomwe inadutsa. Mwininkhani wa chiganizo angakhalenso chizindikiro payekha. Mukaona dzina ngati la John Chilembwe, yemwe anaphedwa mu 1915, musadikire liwu lina la nthawi.

Njirayi nayo ili ndi malire. *Recently* amayenda ndi matensi onse awiri, ndipo *I recently bought a bicycle* ndi *I have recently bought a bicycle* zonse ndi Chingerezi chabwino. Funso lotere likabwera lopanda chizindikiro china, yang'anani mmene mipata yaikidwira. Mipata iwiri, wina kutsogolo kwa *recently* wina kumbuyo kwake, ikutanthauza kuti akufuna *have* ndi mneni wake. Mpata umodzi pambuyo pa *recently* ukufuna *bought* yekha.

Ndime imodzi, mpata ndi mpata

Tiyese njirazi pa ndime yonga zomwe zimabwera pa mayeso. Aneni oti alowe m'mipata, motsatana, ndi awa: *move*, *live*, *work*, *not visit*, *die*, *phone*, *tell*.

*My aunt 1 ____ to Mzuzu in 2015 and she 2 ____ there since then. Before that, she 3 ____ in Salima for six years. She 4 ____ us since my grandfather 5 ____. She 6 ____ twice this week, and on Monday she 7 ____ my mother about her new shop.*

Mpata woyamba ndi wosavuta ndipo njira zonse zikugwirizana. *In 2015* ndi chaka chomwe chinatha, ndiye *moved*. Wachiwiri uli ndi *since then*, kuyambira chaka chimenecho kufika lero, ndiye *has lived*. Mukalemba *has been living* ndi Chingerezi chabwinonso, koma ngati malangizo anena kuti musankhe pakati pa matensi awiri okha, khalani pa *has lived*. Onani kuti m'chiganizo chimodzi mwalowa matensi awiri. Ophunzira ena amaganiza kuti mpata woyamba ukakhala wa *simple past*, yonse yotsatira iyenera kufanana nawo. Mpata uliwonse uli ndi nthawi yakeyake.

Wachitatu ndiwo msampha. Pali *for six years*, ndipo woloweza ndandanda alemba *has worked*. Koma chiganizo chayamba ndi *Before that*, kutanthauza zaka za m'mbuyo mwa 2015, ndipo tauzidwa kale kuti azakhaliwo ali ku Mzuzu tsopano. Za ku Salima zinatha. Yankho ndi *worked*. Chichewa chikadakuthandizani apa: "anagwira ntchito ku Salima zaka zisanu ndi chimodzi", osati "agwira".

Wachinayi ndi wachisanu aziyendera limodzi, chifukwa *since* wakhala pakati pawo ndipo akuchita zosiyana mbali ziwirizo. Mneni wamkulu, wonena zomwe zakhala zikuchitika kapena kusachitika kufika lero, amatenga *present perfect*: *has not visited*. Mneni wobwera pambuyo pa *since* akutchula poyambira, ndipo akugwira ntchito yomwe chaka chikadagwira. Mukanatha kuchotsa *my grandfather ____* n'kuikapo *2019*, chiganizo n'kukhalabe cholongosoka. Imfa ya agogo inachitika kamodzi, pa tsiku lake, ndiye *died*. Kulakwa kofala ndi kulemba *has died* chifukwa chakuti *since* ali pafupi kwambiri ndi mpatawo.

Wachisanu ndi chimodzi uli ndi *this week* ndi *twice*. Palibe chosonyeza kuti sabata yatha, ndipo tikuwerenga kuti zachitika kangati kufika pano, ndiye *has phoned*. Womaliza uli ndi *on Monday*, tsiku lodziwika lomwe ladutsa, ndiye *told*.

Mukawerengera, ndandanda payokha ikadakupatsani mpata woyamba, wachiwiri ndi wachinayi mosakayika, mwinanso womaliza, koma ikadakugwetsani pa wachitatu ndi wachisanu, n'kukusiyani mukukanda mutu pa wachisanu ndi chimodzi. Funso la nthawi layankha yonse isanu ndi iwiri. N'chifukwa chake ine ndimati ndandanda yakumanzere ilowezeni ndithu, kuti mipata ya *ago* ndi *yesterday* izikutherani msanga, koma mukaona *for*, *never*, *today*, liwu loyamba ndi *this*, kapena mpata wobwera pambuyo pa *since*, imani kaye mufunse ngati nthawiyo inatha.

Kusankha bwino koma kulemba molakwa

Malikisi ambiri amatayika pambuyo poti tensi yasankhidwa bwino. Mu ndime ija mwininkhani ndi *she*, ndiye ndi *has*, osati *have*. Mwininkhani akakhala wautali, monga *The price of tomatoes*, diso limaona *tomatoes* n'kulemba *have*, pomwe mwini wake ndi *price*: *The price of tomatoes has gone up since January*.

Kenaka pali tebulo la aneni osatsata lamulo la *-ed*. Danga lachiwiri la tebulolo ndi la *simple past* ndipo limaima lokha: *went*, *wrote*, *saw*, *began*. Danga lachitatu limafuna *have* kapena *has* patsogolo pake: *gone*, *written*, *seen*, *begun*. Mukapeza kuti mwalemba *has went* kapena *I seen*, mwasakaniza madanga. Pokana ndi pofunsa, *did* ndiye amasenza nthawi yakale, ndipo mneni amabwerera mmene analili: *She did not visit*, osati *She did not visited*. Pamene *has not* amasunga danga lachitatu: *She has not visited*, *She has not written*.

Pa mafunso osankha pakati pa A, B, C ndi D, zimenezi zimakuthandizani kuchepetsa ntchito musanaganize n'komwe za nthawi. Kawirikawiri mwa mayankho anayiwo mumakhala limodzi kapena awiri omangidwa molakwa, ngati *has went* kapena *have* pomwe mwininkhani ndi mmodzi. Afufuteni amenewo poyamba, ndipo otsalawo muwayese ndi mawu a nthawi omwe mwadula mzere kunsi aja.